Veni ya m'mphechepeche ili pati, nanga singano imagwera bwanji mu atare?

Funso: Adokotala, ndine wophunzira zachipatala, panopa ndili pa pulakitiko kuno ku Mchinji. Ku kalasi tinaloweza kuti mu femoro thirayango, kadera ka ngodya zitatu ka kumtunda kwa ntchafu, mumakhala neva, kenako atare yotsitsa magazi kuchokera kumtima, kenako veni yobweza magazi kumtima. Tsiku lina ndinkatenga magazi m'mphechepeche mwa bambo wina amene mitsempha ya m'manja inali itasowa. Ndinabaya pamkwinya, cham'kati mwa pamene pamagunda, koma munatuluka magazi ofiira kwambiri akukankha sirinji okha. Ndinalakwitsa pati? Ndipo malire a malo amenewa pa munthu wamoyo ndingawapeze bwanji?

Yankho: Achemwali, zimene munaloweza n'zoona, koma n'zoona pakamalo kakang'ono basi, kosapitirira masentimita atatu kapena anayi kumunsi kwa ligamenti ya ingwino. Mukatsika kupitirira pamenepo veni imayamba kuzembera kuseri kwa atare. Mawu amene akundiuza zambiri ndi akuti pamkwinya. Mkwinya wa khungu m'mphechepeche si ligamenti, ndipo kwa anthu ambiri uli m'munsi mwake. N'kutheka kuti singano yanu inalunjika pamalo amene atare yakhala kale pamwamba pa veni, ndiye inakumana ndi imene ili pamwambayo.

Tiyambe ndi malire, ndipo ndikupemphani kuti muwapeze ndi zala pathupi panu musanapite kwa wodwala. Gonani chagada. Ikani chala pafupa losongoka limene lili kutsogolo kwa chiuno, lija limaonekera kwambiri munthu akaonda, pamene chitenje chimatsamira. Imeneyo ndi nsonga yakutsogolo ya fupa la chiuno. Kenako yambirani pakati pachinena, pamene mafupa awiri amakumana, n'kusuntha chala cham'mbali masentimita awiri kapena atatu. Mumva kanundu kolimba kafupa, kamene m'kalasi timati pyubiki thubako. Pakati pa nsonga ija ndi kanunduka pali chingwe cholimba, ndipo chingwecho ndiye ligamenti ya ingwino. Ndi mphendero yam'munsi ya mnofu wa pamimba yomwe inapindikira m'kati. Awa ndiye malire akumtunda, ndipo kumtunda kwake ndi m'mimba, kumunsi kwake ndi m'ntchafu.

Malire akunja ndi mnofu wa satoriyasi. Umayambira pansonga ya fupa la chiuno yomwe ija n'kutsika mopingasa ngati lamba, kudutsa kutsogolo kwa ntchafu kupita cham'kati mwa bondo. Mukakhala pansi n'kukweza chidendene kuti chikhale pabondo la mwendo winawo, umatuluka bwino. Malire am'kati ndi mnofu wa adakita longasi. Uwu ndi wosavuta: panani chibakera pakati pa maondo, ndipo chingwe cholimba chimene chitulukire m'mphechepeche chakumaliseche ndi muzu wake. Mukachitsatira chokwera chimakufikitsani pansi pa kanundu kaja, ndipo iyi ndi njira yabwino yopezera kanunduko mwa munthu wonenepa. Pamene satoriyasi amadutsa pamwamba pa adakita longasi ndiye pansonga ya thirayango, pafupifupi masentimita 10 kuchokera pa ligamenti, kapena tinene chikhatho chimodzi. Kuchokera apo mitsempha ya magazi imalowa mu ngalande ya adakita, pansi pa satoriyasi, kupita kuseri kwa bondo.

Pa mayeso pali kamsampha. Mabuku ambiri amati malire am'kati ndi mphepete yam'kati ya adakita longasi, motero mnofuwo umawerengedwa kuti ndi mbali ya pansi pa thirayango. Ena amatenga mphepete yake yakunja. Tsatirani zimene aphunzitsi anu amatsata, chifukwa pa wodwala kusiyana kumeneku sikusintha pobaya. Mudzamvanso dzina lakuti thirayango ya Scarpa. Ndi malo omwewa, anatchulidwa potengera Antonio Scarpa, dokotala wa ku Italy amene anamwalira mu 1832.

Pansi pa thirayango si pathyathyathya ayi, pali ngati mchera wa pakati pa mizere iwiri. Chakunja kuli mnofu wa iliyosowasi, cham'kati kuli pekitiniyasi, kenako adakita longasi. Mitsempha ya magazi imagona mumcherawo. Kuseri kwa iliyosowasi, pansi pa pomwe atare imadutsa, kuli mutu wa fupa la ntchafu ndi mfundo ya chiuno. Kumbukirani fupa limeneli, chifukwa ndi limene limakuthandizani poletsa magazi, ndiponso ndi limene singano yozama imakaliwononga mwa khanda. Denga lake ndi khungu, mafuta a pansi pa khungu, ndi kansalu kolimba kokuta ntchafu yonse kotchedwa fashiya lata. Kansaluka kali ndi kabowo pafupifupi masentimita atatu kapena anayi kumunsi ndi kunja kwa kanundu kaja, ndipo pakabowoka ndi pamene veni yaitali ya safenasi, ija imachokera kutsogolo kwa kakolo wam'kati, imalowera kukathira mu veni yaikulu. M'mafuta a dengali ndi mmene mumakhala timabere timene timatupa munthu akakhala ndi chilonda kuphazi, amene kumudzi timati mwanabere.

Tsopano zam'kati. Kuchokera kunja kupita kumaliseche, pali neva, atare, veni, kenako kampata kopanda kanthu kokhala ndi mafuta pang'ono ndi kabere kamodzi kapena tiwiri. Ophunzira ambiri amaloweza ndandandawu ngati mzere wa m'buku wochokera kumanzere kupita kumanja, ndipo amasokonezeka akafika pa mwendo wachiwiri. Mukaima moyang'anana ndi wodwala, pa mwendo wake wamanja neva ili kumanzere kwanu ndipo veni ili kumanja kwanu. Pa mwendo wake wamanzere zatembenuka. Ndiye siyani kuganiza za manja ndi manzere. Veni nthawi zonse ili mbali ya kumaliseche, neva nthawi zonse ili mbali ya kunja, mwendo uliwonse.

Atare ndi veni zimatuluka m'mimba zitavala kathumba kamodzi, kamene timati shifi. Kathumbaka ndi nsalu za m'kati mwa mimba zimene mitsemphayo imakoka potsika, ndipo kamatalika masentimita atatu kapena anayi kenako n'kumatirira pamakoma a mitsempha. Kali ndi zipinda zitatu: chakunja cha atare, chapakati cha veni, cham'kati ndi kampata kaja, kamene ndi ngalande ya femoro. Neva yaikulu simo m'kathumbamu. Imachokera m'mizu ya msana ya L2, L3 ndi L4, imatsika pakati pa minofu ya iliyosowasi, ndipo imadutsa pansi pa ligamenti itaphimbidwa ndi kansalu kakekake, sentimita imodzi kapena ziwiri kunja kwa atare. Ikangolowa m'ntchafu imabalalika nthambi ngati chingwe cha mlaza chomasuka. Ndiyo imalamula mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu umene umawongola bondo, ndipo imamva khungu la kutsogolo kwa ntchafu ndi la m'kati mwa mwendo mpaka kukakolo. N'chifukwa chake singano ikaikhudza wodwala amadzidzimuka n'kunena kuti china chake chamuyenda ngati magetsi mpaka kubondo. Mukamva mawu amenewo dziwani kuti muli kunja kwambiri, tulutsani.

Kampata kam'kati kaja kali ndi ntchito yake. Munthu akamathamanga kapena kupalasa njinga, magazi obwerera kuchokera kumwendo amachuluka, ndipo veni imafufumira m'kampatako. Kulipira kwake n'kwakuti pakamwa pa kampatako ndi pofooka, ndipo tibwererako.

Mfundo imene mukufunika kuigwiritsa kwambiri ndi iyi. Pansi penipeni pa ligamenti, atare ndi veni zagona moyandikana ngati zala ziwiri. Mukamatsika, veni imapita ikuzungulira, kuyamba kulowa kuseri kwa atare pang'onopang'ono, ndipo pofika pansonga ya thirayango imakhala ili kumbuyo kwenikweni. Yesani ndi zala zanu: ikani chala cholozera ndi chapakati moyandikana, kenako kwezani chapakati pamwamba pa cholozera. Kumizu ya zala zidakali moyandikana, kunsonga zasanjikizana. Umo ndi mmene mitsemphayi ilili. Komanso masentimita atatu ndi theka kapena anayi pansi pa ligamenti atare imabala nthambi yaikulu yotchedwa pulofunda, imene imalowa pansi kukadyetsa minofu ya ntchafu, ndipo nayonso ili ndi nthambi zake, imodzi yopita cham'kati. Ndiye kumunsi kulibenso atare imodzi ndi veni imodzi. Kuli mitsempha ingapo yopiringizana, ina pamwamba pa inzake. Singano yolowa sentimita imodzi m'kati mwa pogunda, imene kumtunda ikanagwera mu veni bwinobwino, kumunsi ikhoza kuboola mphepete ya atare kapena nthambi yake.

Tiyerekeze ndi wodwala mmodzi. Mayi wazaka 32, wathupi ndithu, wabwera usiku pa kabaza kuchokera cha ku Mkanda atapita padera, ndipo wataya magazi ambiri. Manja ndi ozizira, kuthamanga kwa magazi kuli 70/40, mtima ukugunda ka 130 pa mphindi. Mnzanu wakwanitsa kulowetsa kanula mmodzi pa veni ya m'khosi ndipo diripi ikuyenda, koma kanulayo sakubweza magazi, ndipo a ku labu akufuna magazi oti ayeze gulu ndi kufananiza. Apa veni ya m'mphechepeche ndi yoyenera. Sikuti ndi poyambira. Mumapitako pamene m'manja ndi malo ena osavuta zakanika.

Auzeni mayiwo chimene mukufuna kuchita ndi chifukwa chake, ngakhale akuoneka ofooka. Pakhale namwino kapena mlezi wawo wamkazi, ndipo afundeni chitenje kuti pangooneka mbali imene mukugwirapo ntchito. Agone chagada, mwendo wowongoka, wotanukira kunja pang'ono, phazi loyang'ana kunja. Ngati mimba ikugwera pantchafu, wina aikokere kumtunda ndi chikhatho. Ngati mumagwiritsa dzanja lamanja, mwendo wamanja wa wodwala ndi wosavuta, inu mutaima mbali yomweyo.

Musayang'ane mkwinya. Pezani nsonga ya fupa la chiuno, pezani kanundu ka pachinena, ndipo ngati muli ndi cholembera jambulani mzere pakati pake. Mwa mayi ngati ameneyu mudzadabwa kuona kuti mzere wanu uli pamwamba pa mkwinya, mwina ndi masentimita anayi kapena asanu. Mukanabaya sentimita imodzi pansi pa mkwinya mukanakhala masentimita asanu kapena asanu ndi imodzi pansi pa ligamenti, m'dera la mitsempha yosanjikizana lija. Tsopano funani pogunda. Atare imadutsa pansi pa ligamenti pakatikati pa nsonga ya fupa la chiuno ndi pamene mafupa a chinena amakumana. Onetsetsani apa: ndi pakati pa nsongayo ndi pakati pachinena, osati pakati pa nsongayo ndi kanundu. Malo achiwiriwa ali kunja pang'ono, cha kumene kuli neva, ndipo amene amasokoneza awiriwa amafuna kugunda pamalo pomwe palibe. Ikani zala ziwiri kapena zitatu za dzanja lamanzere motsatira atare, masentimita awiri pansi pa mzere wanu, ndipo dikirani. Mwa wodwala wa shoko ngati mayiyu kugunda kumakhala kofooka, kumafuna kudekha.

Kukakanika kumveka, mafupa amakutsogolerani. Gawani mtunda wa pakati pa kanundu ndi nsonga ya chiuno patatu. Atare imakhala pamene gawo lam'kati likukumana ndi lapakati. Ngati mwa mayiwa mtundawo ndi masentimita 12, atare ili pafupifupi masentimita 4 kuchokera pakanundu, ndipo veni ili sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kubwerera kukanunduko. Uku n'kuyerekeza chabe, anthu amasiyana. Ngati pachipatala pali makina a sikani ndipo pali wodziwa kuwagwiritsa, amathetsa kukayika: veni imaphwatalala mukaikanikiza ndi choyezera, atare imakhala yobulungira ndipo imagunda.

Sambani m'manja, valani magolovesi, tsukani khungu ndi ayodini kapena kulohekisidini kuyambira pakati kupita kunja, ndipo lisiyeni liume. M'mphechepeche ndi monyowa, muli tizilombo tambiri, ndiye kungopukuta kamodzi ndi thonje la sipiriti n'kubaya pomwepo sikokwanira. Tengani sirinji ya mamililita 10 ndi singano yobiriwira ya geji 21. Zala zamanzere zikhalebe pa atare, kuti muzidziwa pamene ili ndiponso kuiteteza. Bayani sentimita imodzi cham'kati mwa pogunda, masentimita awiri pansi pa mzere wa ligamenti, singano itapendekera madigiri pafupifupi 45, yoloza kumutu kwa wodwala, yoyenda motsatira atare, osati moilunjika. Nsonga ikangolowa pansi pa khungu yambani kukoka sirinji pang'ono, ndipo muzikokabe pamene mukulowa. Mwa munthu wathupi lapakatikati veni imapezeka masentimita awiri mpaka anayi kuchokera pakhungu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalepheretsa anthu ngakhale malo ali oyenera. Choyamba ndi dzanja lamanzere. Poopa kutaya kugunda kofooka, munthu amakanikiza kwambiri, ndipo veni, imene khoma lake ndi lopyapyala ndiponso mwa wodwala wa shoko ndi yosadzaza, imaphwatalala. Mukapeza pogunda, pepukitsani zala. Chachiwiri n'chakuti singano imatha kukankha khoma lakutsogolo la veni mpaka kugundana ndi lakumbuyo, n'kuboola onse awiri osaonetsa dontho. Ndiye ngati mwalowa mpaka mwamva fupa koma palibe chatuluka, musatulutse mwachangu. Bwererani pang'onopang'ono mukukokabe sirinji. Nthawi zambiri magazi amabwera pobwerera. Ngati palibe, bwererani mpaka pansi pa khungu ndipo kenako sinthani kolowera. Musagwedeze singano uku ndi uku ili m'kati, chifukwa nsonga yake imadula ngati lumo.

Mwa mayi wathuyu, tinene kuti magazi abwera pa masentimita atatu, akuda, oyenda pokhapokha mukakoka. Tengani amene a ku labu akufuna, tulutsani singano, ndipo kanikizani ndi goji kwa mphindi zisanu zathunthu mukuyang'ana wotchi.

Mtundu wa magazi umathandiza koma umanamanso. Mwa munthu amene mpweya wachepa m'magazi, a mu atare amatha kukhala akuda. Mwa mwana wa malungo amene magazi atsika kwambiri, a mu veni amaoneka otuwa ngati osungunula ndi madzi. Mwa wodwala wa shoko atare siikankha sirinji mwamphamvu ngati mmene inachitira kwa inu. Ngati mukukayika, gwirani singano osaisuntha, chotsani sirinji, ndipo onani: a mu veni amadontha mosalekeza, a mu atare amatuluka modumphadumpha motsatira mtima. Potenga magazi oyeza gulu, kukayikaku si nkhani yaikulu, chifukwa magazi a mu atare amayezekanso. Koma ngati cholinga n'kulowetsa kathete woti muzithirira mankhwala, musapitirize musanatsimikize.

Mukadziwa kuti mwabaya atare, tulutsani singano, ikani zala pamwamba pang'ono pa kabowo ka pakhungu, chifukwa singano inalowa chopendekera ndipo bowo la mu atare lili kumtunda kwa la pakhungu, n'kukanikiza molimba kwa mphindi zosachepera 10 osasuzumira. Ngati wodwala amamwa mankhwala osungunula magazi kapena magazi ake saundana msanga, onjezerani nthawi. Kenako onani ngati phazi likugunda, ngati ndi lofunda, ndipo lembani mufayilo kuti atare inabayidwa kuti obwera pambuyo panu aziyang'anira. M'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri: mbali imeneyo isiyeni, chifukwa magazi otayikira pansi pa khungu amakankha veni ndi kusokoneza malo onse. Ngati magazi akufunikabe, pitani mwendo winawo kapena itanani wamkulu wanu.

Kukanikiza kumagwira ntchito chifukwa cha fupa lija. Pansi pa ligamenti atare yatsamira mutu wa fupa la ntchafu, ndiye zala zanu zimaipanikiza pachinthu cholimba. Kumunsi kuli minofu yokhayokha, ndipo bowo silitsekeka bwino. N'chifukwa chake kubaya m'munsi kumabala mavuto awiri amene amaonekera patapita masiku. Loyamba ndi chotupa chogunda, pamene magazi akupitirira kutuluka mu atare n'kudzipangira thumba m'minofu. Lachiwiri limabwera singano ikaboola atare ndi veni yomwe ili kuseri kwake nthawi imodzi: mabowo awiriwo amalumikizana, magazi a mu atare n'kumathira mu veni. Mukaika chikhatho pamamveka kunjenjemera, mukaika choyezera cha m'makutu pamamveka mkokomo wosalekeza, ndipo mwendo umatha kutupa. Bambo wanu uja, ngati akadali pawodi, kamugwireni m'mphechepeche ndi kumvetsera. Ngati anatuluka, n'kofunika kuti adziwe kuti chotupa chokula, chogunda, kapena phazi lozizira ndi lochita dzanzi, n'zobwerera nazo tsiku lomwelo.

Kuthawa kumunsi kusakupangitseni kukwera kwambiri. Pamwamba pa ligamenti mitsempha yomweyi ili kale m'mimba, kuseri kwa nsalu yokuta matumbo. Mukaboola atare kumeneko palibe poikanikizira, ndipo magazi amatayikira kumbuyo kwa mimba osaoneka kunja. Pakhungu pamakhala poyera, koma wodwala akudandaula msana kapena m'nthiti cham'munsi, mtima ukuthamanga, kuthamanga kwa magazi kukutsika. Kumenekonso kuli matumbo, ndi chikhodzodzo ngati chadzaza. Poti singano imalowa chopendekera kumtunda, nsonga yake imafika pamwamba kuposa pamene mwabaya khungu. Pa madigiri 45, kuzama kwa masentimita awiri kumatanthauzanso kukwera masentimita awiri. Mwa munthu wonenepa kwambiri amene veni ili pakuya, imitsani singano mowongoka pang'ono kuti nsonga isadutse mzere wa ligamenti.

Mwa khanda ndi mwana wamng'ono zonse zili pafupi. Ikani kathaulo kopinda pansi pa matako, wina agwire mwendo wotanukira kunja bondo litapindika. Veni ili theka la sentimita mpaka sentimita imodzi kuchokera pogunda, ndipo pobaya ndi sentimita imodzi kapena ziwiri pansi pa ligamenti, ndi singano ya buluu ya geji 23. Choopsa chachikulu ndi mfundo ya chiuno, imene ili pafupi kwambiri kuseri kwa mitsempha. Singano yozama yodutsa pakhungu losatsukidwa bwino imanyamula tizilombo kulowetsa mumfundomo. Patapita masiku ochepa mwana amatentha thupi, sasuntha mwendowo, amalira akamasinthidwa thewera. Mafinya a mumfundo ya chiuno akachedwa kuchotsedwa amawononga mutu wa fupa, mwana n'kukula akutsimphina. Atare ya khanda nayonso ikabayidwa imatha kufinyika, mwendo n'kutuwa ndi kuzizira, ndiye mukatha yang'anani mapazi onse awiri muwafananize.

Musabaye ngati khungu la pamenepo lili ndi zilonda kapena mafinya, ngati mwendowo watupa mokayikitsa kuti muli magazi oundana, kapena ngati pali chotupa chimene simunachidziwe. Apa ndi pamene kampata kam'kati kaja kamabwereranso. Pakamwa pake ndi pothina, kutsogolo kuli ligamenti ya ingwino, kumbuyo kuli fupa la chinena ndi ligamenti yake, m'kati kuli ligamenti ina yakuthwa m'mphepete yotchedwa lakuna, kunja kuli veni. Thumbo likalowa pamenepo timati heniya ya femoro, ndipo chifukwa mbali zitatu n'zolimba limakanirira msanga n'kuyamba kufa. Imapezeka kwambiri mwa amayi, makamaka achikulire. Kanundu kaja ndiko kamakuuzani: heniya ya femoro imatulukira pansi ndi kunja kwa kanundu, ya ingwino imatulukira pamwamba ndi m'kati mwake. Agogo aakazi obwera akusanza, mimba itafufuma, osachita chimbudzi, muziwafundukula m'mphechepeche nthawi zonse, ngakhale iwo sanatchule. Kachotupa kake kamatha kukhala kakang'ono ngati dzira la njiwa, kolimba, kosagwedezeka akatsokomola, ndipo n'kosavuta kukatcha mwanabere n'kupereka mankhwala a zilonda. Mwanabere weniweni amakhala ndi gwero lake, chilonda kuphazi, kumwendo, kumaliseche kapena kumatako, ndipo mulifune. Chotupa chofewa chimene chimazimiririka munthu akagona n'kubwerera akaimirira chikhoza kukhala veni ya safenasi yofufuma pamene imalowera. Chofewa chosatentha kunja kwa atare, mwa munthu woonda wodandaula msana, chikhoza kukhala mafinya a chifuwa chachikulu cha m'msana amene atsika motsatira iliyosowasi. Ndipo chotupa chilichonse chogunda sitibaya, sitichekanso.

Fupa lomwe lija limapulumutsa moyo munthu akabwera atatemedwa ndi chikwanje pantchafu kapena atagundidwa ndi nyanga ya ng'ombe ya ngolo. Kanikizani pabala penipeni choyamba. Ngati bala lili pamwamba kwambiri moti lamba womanga mwendo sangakwane kumtunda kwake, lowetsani goji wambiri m'balamo ndipo wina aike chibakera pakati pa nsonga ya chiuno ndi pakati pachinena, pansi penipeni pa ligamenti, mkono wowongoka, thupi lonse litatsamira pamenepo, osachotsa mpaka wodwala atafika ku fiyeta.